Chiwongoladzanja chobereka chinzake: mmene K100,000 imakulira ndi zimene zimaidya

*Ndinalemba mayeso a MSCE chaka chatha ndipo pano ndikuthandiza m'sitolo ya amalume anga. Ndakwanitsa kusunga K100,000, komanso ndikhoza kumapatula K10,000 mwezi uliwonse. Ndimamva anthu akunena kuti ndalama ikakhalitsa kubanki, chiwongoladzanja chimayamba kubereka chinzake. Kodi zimenezi zimayenda bwanji, nanga munthu wa ndalama zochepa ngati ine angapindule nazo?*

Tiyambire pa K100,000 yanuyo, ndipo tiyerekeze kuti mwaiika pamalo pamene akulonjeza chiwongoladzanja cha 10 peresenti pachaka. Nambala ya 10 ndaisankha chifukwa njosavuta kuwerengera pamtima. Imene adzakuuzeni kubanki kapena ku SACCO ikhoza kukhala yaikulu kapena yaing'ono, koma kawerengedwe kake nkomweko. Chaka chikatha, 10 peresenti ya K100,000 ndi K10,000, choncho mu akaunti yanu mudzakhala K110,000. Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, chifukwa muli ndi zosankha ziwiri. Mukhoza kutapa K10,000 ija n'kukagulira nsapato, mpamba wanu n'kukhalabe K100,000, kapena mukhoza kuisiya momwemo kuti chaka chachiwiri chiyambe ndi K110,000.

Mukasankha kutapa chaka chilichonse, ndiye kuti chaka chilichonse muzilandira K10,000 yomweyo, osaonjezereka, chifukwa mpamba umene akuwerengerapo sukusintha. Pakatha zaka 5 mudzakhala mutalandira K50,000 yonse pamodzi, pakatha zaka 10 mudzakhala mutalandira K100,000. Mukasankha kusiya, m'chaka chachiwiri akuwerengerani 10 peresenti pa K110,000, imene ndi K11,000, ndipo mu akaunti mudzakhala K121,000. Taiyang'anitsitsani K11,000 imeneyi. Mwa iyo, K10,000 yachokera pa mpamba wanu woyamba uja, pamene K1,000 yachokera pa chiwongoladzanja cha chaka choyamba chimene simunatape. K1,000 imeneyo ndiyo chiwongoladzanja choberekedwa ndi chinzake. Zili ngati mbuzi yaikazi imene yabereka kamsoti: mukakagulitsa kamsotiko, m'khola mutsala mbuzi imodzi yobereka, koma mukakasunga, pakapita nthawi nakonso kayamba kubereka, ndipo ana ake adzaberekanso.

Tipitirize kuwerenga mosadumpha kwa zaka zingapo kuti muone ndi maso anu mmene zikuyendera. Chaka chachitatu chiyamba ndi K121,000, chiwongoladzanja chake ndi K12,100, ndipo chitha ndi K133,100. Chaka chachinayi chionjezera K13,310 n'kufika pa K146,410. Chaka chachisanu chionjezera K14,641 n'kufika pa K161,051. Munthu uja amatapa chaka ndi chaka, tikaphatikiza mpamba wake ndi zonse zimene walandira, ali ndi K150,000. Kusiyana kwa anthu awiriwa pakatha zaka 5 ndi K11,051 basi, ndipo ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti achinyamata ambiri amagwa ulesi pamenepa, chifukwa kudikira zaka zisanu kuti upose mnzako ndi K11,051 sikuoneka ngati chinthu chamzeru.

Chimene chimasintha nkhani ndi kutalika kwa nthawi. Pakatha zaka 10, wosiya uja ali ndi K259,374 pamene wotapa ali ndi K200,000. Pakatha zaka 20, wosiya ali ndi K672,750 pamene wotapa ali ndi K300,000. Pakatha zaka 30, wosiya ali ndi K1,744,940 pamene wotapa ali ndi K400,000. Onse awiri anayamba ndi K100,000, onse awiri amalandira 10 peresenti, ndipo palibe amene anaonjezerapo tambala kuchokera m'thumba. M'chaka cha 30 chokhacho, chiwongoladzanja cha wosiya uja ndi K158,631, chimene chikuposa mpamba wonse umene anayamba nawo, pamene mnzake akulandirabe K10,000 ngati m'chaka choyamba. Kukula kwamtunduwu kumayamba pang'onopang'ono kwambiri ndipo kumathamanga kumapeto, chifukwa chaka chilichonse chimayambira pamene chinzake chathera. Ndicho chifukwa chake zaka zoyambirira, zimene zimaoneka ngati palibe chikuchitika, sizingadumphidwe: popanda izo, zaka zothamangazo sizifika.

Simufunika kuwerenga chaka ndi chaka nthawi zonse. Kuonjezera 10 peresenti pa ndalama n'chimodzimodzi kuichulukitsa ndi 1.10, kuonjezera 8 peresenti ndi kuichulukitsa ndi 1.08, ndipo kuonjezera 25 peresenti ndi kuichulukitsa ndi 1.25. Ngati mukufuna kudziwa za zaka zitatu, muchulukitse katatu. Ngati mukufuna za zaka 10, muchulukitse maulendo 10. Mwina mukukumbukira kuti m'masamu a ku sekondale zimenezi zimalembedwa motere:

```
A = P × (1 + r)^n
A = 100000 × (1 + 0.10)^10 = 259374
```

Pamenepa P ndi mpamba woyambira, r ndi chiwongoladzanja cholembedwa ngati gawo la 1, monga 0.10 pa 10 peresenti, n ndi chiwerengero cha zaka, ndipo A ndi ndalama zimene mudzakhala nazo kumapeto. Kakyuleta ya pa foni iliyonse ikhoza kukuchitirani zimenezi. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amatenga chiwongoladzanja cha pachaka n'kuchiwerengera pa miyezi, kapena cha pamwezi n'kuchiwerengera pa zaka. Lamulo lake nlakuti r ndi n ziyenera kuyendera nthawi imodzi: ngati r ndi ya pamwezi, n akhale miyezi, ndipo ngati r ndi ya pachaka, n akhale zaka.

Palinso njira yachidule yowerengera pamtima imene ikuthandizeni kwambiri mukamamvera zonena za anthu otsatsa malo osungirako ndalama. Mukatenga nambala 72 n'kuigawa ndi chiwongoladzanja cha pachaka, mupeza zaka zimene ndalama yanu ingatenge kuti iwirikize kawiri. Pa 10 peresenti, 72 kugawa ndi 10 ndi zaka 7 ndi miyezi yochepa, ndipo mukayesa ndi kakyuleta muona kuti pakatha zaka 7 K100,000 yafika pa K194,872, pakatha zaka 8 yafika pa K214,359. Pa 6 peresenti pamafunika zaka 12, ndipo pa 3 peresenti pamafunika zaka 24. Njirayi imangoyandikira yankho lenileni, ndipo imayamba kuphonya chiwongoladzanja chikakhala chachikulu kwambiri, koma pa manambala amene mumakumana nawo kubanki ndi yokwanira. Ikuonetsaninso kuti kusiyana pakati pa 3 peresenti ndi 6 peresenti, kumene pakamwa kumamveka kochepa, ndi kusiyana kwa zaka 12 za moyo wanu.

Mudzamvanso kuti malo ena amaonjezera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi pamene ena amaonjezera kamodzi pachaka. Kuonjezera pafupipafupi kumapindulitsa wosunga, koma pang'ono chabe: K100,000 pa 12 peresenti yoonjezera kamodzi pachaka imafika pa K112,000, pamene yoonjezera 1 peresenti mwezi uliwonse imafika pa K112,683. Musasankhe malo osungirako ndalama chifukwa cha K683 imeneyi pamene pali zinthu zina zikuluzikulu zoti muyang'ane.

Tsopano tibwere pa K10,000 ya mwezi ndi mwezi, imene kwa inu njofunika kuposa K100,000 imene muli nayo kale. Pachaka imakwana K120,000. Kuti masamu asavute, tiyerekeze kuti mumaiika yonse kumapeto kwa chaka, pa 10 peresenti yomwe ija. Chaka choyamba chitha muli ndi K120,000. M'chaka chachiwiri ndalama imeneyo ikula kufika pa K132,000, inu n'kuonjezera K120,000 ina, zonse n'kukhala K252,000. M'chaka chachitatu K252,000 ikula kufika pa K277,200, muonjezera K120,000, zonse n'kukhala K397,200. Mukapitiriza chonchi kwa zaka 10, mudzakhala mutaika K1,200,000 yochokera m'thumba mwanu, koma mu akaunti mudzakhala pafupifupi K1,912,000. Onani kuti m'zaka zoyambirirazi gawo lalikulu la ndalamazo ndi thukuta lanu, ndipo chiwongoladzanja chikungothandizira. Kwa munthu amene wangoyamba kumene, chizolowezi chopatula ndalama mwezi uliwonse ndicho chimanyamula katundu wolemera.

Phindu loyamba msanga limaoneka bwino tikayerekeza anthu awiri a zaka zofanana. Woyamba ayamba kusunga K120,000 pachaka ali ndi zaka 19, apitiriza kwa zaka 10, kenako pa zaka 29 asiya kuonjezera chifukwa cha udindo wa banja, koma ndalama zake za K1,912,000 zija sazikhudza mpaka atafika zaka 49. Wachiwiri sasunga kanthu mpaka zaka 29, kenako ayamba kuika K120,000 pachaka mosadumphitsa kwa zaka 20, mpaka nayenso atafika zaka 49. Wachiwiriyu waika K2,400,000, kuwirikiza kawiri zimene anaika woyamba, ndipo pa zaka 49 ali ndi pafupifupi K6,873,000. Woyamba uja, amene anaika K1,200,000 yokha, ali ndi pafupifupi K12,866,000. Chachititsa ndi chakuti ndalama za woyamba zinali zitaunjikana kale pamene wachiwiri amayamba, ndipo zinakhala zaka 20 zikuwirikiza, pafupifupi kamodzi pa zaka 7 zilizonse. Pa msinkhu wanu mulibe ndalama zambiri, koma zaka zimene zili kutsogolo kwanu ndi zochuluka kuposa za munthu aliyense amene amakulangizani, ndipo m'masamu awa zakazo zimalemera kwambiri.

Mpaka apa ndakuonetsani masamu a pa pepala. Ndikanathera pomwepa ndikanakunamizani, chifukwa kuno kwathu pali zinthu zitatu zimene zimadya chiwongoladzanja chisanafike m'manja mwanu, ndipo chachitatucho n'chachikulu moti chikhoza kusandutsa phindu lonse kukhala kuluza.

Choyamba ndi msonkho. Chiwongoladzanja chimene banki imakupatsani chimawerengedwa ngati ndalama zimene mwapeza, ndipo banki imadula msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanjacho n'kutumiza ku bungwe lotolera misonkho la MRA isanakupatseni chotsalacho. Msonkhowu sukhudza mpamba wanu, umakhudza phindu lokha. Pa K10,000 ya chaka choyamba adula K2,000, inu n'kutsala ndi K8,000, zimene zikutanthauza kuti 10 peresenti yolembedwa pa chikwangwani ndi 8 peresenti m'thumba mwanu. Pa zaka 10, K100,000 yokula ndi 8 peresenti imafika pa K215,892 m'malo mwa K259,374. Choncho mukamawerengera, muzigwiritsa ntchito nambala yotsala msonkho utachotsedwa.

Chachiwiri ndi ndalama zimene amadula posamalira akaunti komanso potapa. Izi zimapweteka kwambiri munthu wa ndalama zochepa chifukwa nthawi zambiri sizitengera kukula kwa ndalama zimene wasunga. Tiyerekeze kuti akaunti ina imadula K1,000 mwezi uliwonse. Pachaka ndi K12,000, pamene K100,000 yanu yapindula K8,000 yokha msonkho utachotsedwa, ndiye kuti chaka chitha muli ndi K96,000. Kwa munthu amene wasunga K5,000,000, K12,000 imeneyo sangaimve nkomwe, koma kwa inu yameza phindu lonse n'kuluma mpamba. Njira yodziwira ngati zimenezi zikukuchitikirani ndi kupempha sitetimenti ya akaunti yanu pakatha miyezi itatu, n'kuphatikiza mizere yonse imene adula, kenako n'kuyerekeza ndi mzere wa chiwongoladzanja. Ngati zodula zaposa zoonjezera, akaunti imeneyo njolandirira ndi kutumizira ndalama, siyosungira. Chimodzimodzinso ndalama yongokhala mu foni: imathandiza polipira zinthu, koma kuitapa kumadya, ndiponso ili pafupi kwambiri ndi chala chanu tsiku limene mwafuna mayunitsi.

Chachitatu ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo apa ndikufuna tichedwepo. Mitengo nayo imakwera mwa njira yomwe ija yobereka inzake, chifukwa kukwera kwa chaka chino kumawerengedwa pa mtengo umene unakwera kale chaka chatha. Tiyerekeze kuti katundu wina amene amalume anu amagulitsa m'sitolomo ali pa K10,000 lero, ndipo K100,000 yanu ikhoza kugula 10. Mwaisunga chaka chathunthu, yafika pa K110,000, koma mitengo yakwera ndi 25 peresenti, katundu uja tsopano ali pa K12,500. Ndi K110,000 mugula 8 okha, n'kutsala ndi K10,000 yosakwanira wachisanu ndi chinayi. Manambala a mu akaunti akula, koma zimene mungagule zachepa. Kuti mupeze mphamvu yeniyeni ya ndalama yanu, gawani K110,000 ndi 1.25, mupeza K88,000, kutanthauza kuti ndalama yanu ikugula zinthu zimene chaka chatha zikanagulidwa ndi K88,000. Zikapitirira chonchi kwa zaka zitatu, mu akaunti mudzaoneka K133,100, koma mphamvu yake idzakhala ya K68,147 ya lero.

Nambala ya 25 peresenti sindinaitenge m'mutu chabe. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera kupitirira 25 peresenti pachaka, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aliyense amene anali ndi ndalama mu akaunti wamba ya chiwongoladzanja chochepa pa nthawi imeneyo anasauka ali chisungire. Mukagwiritsa ntchito njira ya 72 ija pa mitengo, muona kuti pa 25 peresenti mitengo imawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi zitatu, pamene ndalama yanu pa 8 peresenti ikufuna zaka 9 kuti iwirikize. Ichi n'chifukwa chake manambala a zaka 20 ndi 30 amene ndakuonetsani muyenera kuwawerenga mosamala: K12,866,000 ya pa zaka 49 idzakhala ndalama yambiri kapena yochepa malinga ndi mmene mitengo idzakhalire itayendera m'zaka zimenezo. Funso loyenera kudzifunsa nthawi zonse ndi lakuti, chiwongoladzanja changa msonkho utachotsedwa chikuposa kukwera kwa mitengo kapena chikuchepera? Ofesi ya boma yowerengera zinthu ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, imalengeza nambala ya kukwera kwa mitengo mwezi uliwonse, ndipo manyuzipepala ndi mawailesi amaiulutsa. Nambala imeneyo muziidziwa monga mmene mumadziwira mtengo wa shuga.

Zimenezi sizikutanthauza kuti kusunga nkopanda ntchito. Ndalama yobisa m'chikwama kunyumba imadyedwa ndi kukwera kwa mitengo konse, popanda chobwezeretsa ngakhale pang'ono: K100,000 yongokhala, mitengo ikakwera ndi 25 peresenti, imatsala ndi mphamvu ya K80,000. Chimene zikutanthauza n'chakuti muyenera kusankha bwino malo. Akaunti wamba yosungira ndalama ndiyo imapereka zochepa kwambiri. Akaunti yotsekera ndalama kwa nthawi yoikika, imene ambiri amaitcha fikisidi dipoziti, imapereka zochulukirapo chifukwa mwalonjeza kusatapa kwa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka. Boma nalo limabwereka ndalama kwa anthu kudzera ku Reserve Bank of Malawi kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo munthu wamba akhoza kubwereketsa nawo kudzera kubanki yake. Chiwongoladzanja cha pamenepa kawirikawiri chimaposa cha akaunti wamba. Ma SACCO amagawa phindu kwa mamembala malinga ndi masheya awo chaka chikatha. Kupatula pa akaunti wamba, pa malo enawa kubereka kwa chiwongoladzanja nthawi zambiri sikuchitika kokha ayi. Nthawi yoikikayo ikatha, mudzafunsidwa ngati mukufuna kulandira phindu kapena kulibwezera pamodzi ndi mpamba, ndipo mukalandira phindu n'kubwezera mpamba wokha, mwakhala munthu wotapa chaka ndi chaka uja.

Mfundo yomweyi ikukhudzanso banki m'khonde, imene achinyamata ambiri amayambirapo. M'kati mwa chaka ndalama za gulu zimabereka ndithu, chifukwa chiwongoladzanja chimene wobwereka wabweza chimabwereketsedwanso kwa wina mwezi wotsatira. Koma pa tsiku logawana, limene magulu ambiri amaliika chakumapeto kwa chaka, ndalama zonse zimatuluka, ndipo zikathera pa Khirisimasi, chaka chatsopano mumayambanso pa ziro. Ngati mukufuna kuti zaka zilumikizane, muyenera kusankhiratu gawo limene mudzabwezere tsiku logawana lisanafike. Kumbukiraninso kuti phindu la banki m'khonde limachokera m'matumba a mamembala omwewo, choncho ngati inuyo ndinu amene mumabwereka kawirikawiri, gawo lina la zimene mumalandira pogawana ndi ndalama zanu zomwe zimene munalipira.

Apa tafika pa mbali imene masamu omwewa amakutembenukirani. Pa ngongole, chiwongoladzanja chosalipidwa chimaphatikizidwa ku ngongoleyo n'kuyamba kubereka, ndipo popeza obwereketsa ang'onoang'ono amawerengera pamwezi, chimathamanga kuposa chilichonse chimene banki ingakupatseni. Tiyerekeze kuti mwabwereka K20,000 pa 20 peresenti pamwezi ndipo mwalephera kubweza. Mwezi woyamba ukatha ngongole ndi K24,000, wachiwiri K28,800, wachitatu K34,560, wachinayi K41,472. Pakatha miyezi 6 yafika pa K59,720, ndipo pakatha chaka yafika pa K178,322. Ambiri akamva 20 peresenti pamwezi amaganiza kuti pachaka ndi 240 peresenti, koma ikamabereka inzake ngongoleyo imawirikiza pafupifupi maulendo 9. A katapila amene amalipiritsa zoposa pamenepa ndiye safunanso kufotokoza. Choncho ngati tsiku lina mudzapezeka muli ndi K100,000 kubanki pa 10 peresenti pachaka komanso ngongole ya K20,000 pa 20 peresenti pamwezi, tapani ndalama mubweze ngongoleyo tsiku lomwelo, chifukwa K20,000 imeneyo kubanki ikukupatsani K2,000 pachaka chonse pamene pa ngongole ikukudyerani K4,000 m'mwezi woyamba wokha.

Masamuwa ndi chida chabwinonso chodziwira akathyali. Munthu akakuuzani kuti mukaika ndalama mwa iye aziiwirikiza kawiri mwezi uliwonse, tengani kakyuleta muchulukitse K100,000 ndi 2 maulendo 12. Mupeza K409,600,000 pakatha chaka chimodzi. Palibe malonda oona amene angapindule chonchi, ndipo munthu amene akanakhala ndi njira yotere sakanavutika kudzapempha K100,000 ya mwana wongomaliza sukulu. Amene amalandira phindu koyambirira m'magulu otere amalipidwa ndi ndalama za olowa kumene, ndipo olowa akachepa zonse zimagwa. Musanaike ndalama pamalo alionse amene akulandira ndalama za anthu kuti azisunge, funsani ngati ali ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, pakuti ndiko kumene amayang'anira mabanki, ma SACCO ndi mabungwe ena azachuma.

Ndikanakhala pamalo panu, K100,000 ija sindikanaitsekera yonse. Ndikanapatula gawo lina, mwina K30,000, n'kuliika pamalo posavuta kutapa kuti lithandize pa matenda kapena ulendo wadzidzidzi, chifukwa munthu wopanda ndalama yapafupi ndi amene amathamangira kwa katapila kapena kuthyola fikisidi dipoziti nthawi isanakwane, ndipo mukathyola msanga mabanki ambiri amachepetsa chiwongoladzanja chimene munagwirizana. K70,000 yotsalayo ndikanaitsekera pamalo pamene chiwongoladzanja, msonkho ndi zodula zina zitachotsedwa, chikuyandikira kwambiri kukwera kwa mitengo, kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi poyamba kuti ndione mmene zikuyendera. K10,000 ya mwezi ndi mwezi ndikanaipatula tsiku lomwe amalume andilipira, n'kumaiunjika mpaka nthawi yotsekera ija itatha kuti ilowe pamodzi ndi mpamba ndi phindu lake. Ndipo malipiro akakwera, ndikanakwezanso ndalama yopatulayo, chifukwa K10,000 yosasintha kwa zaka 10 imachepa mphamvu chaka chilichonse.

Popeza muli kale m'sitolo, ganiziraninso kuti phindu la malonda lobwezeredwa mu mpamba limayenda ndi masamu omwewa. Mpamba wa K70,000 wopindula 5 peresenti pamwezi, zolipira zonse zitachotsedwa, ukamabwezeredwa wonse umafika pa K125,710 pakatha chaka, zimene zikuposa kutali chiwongoladzanja cha kubanki. Malire ake ndi akuti phindu la malonda palibe amene amakulonjezani, katundu akhoza kuonongeka kapena kutengedwa pangongole osabwezedwa, ndipo ogula a m'dera limodzi sachuluka mwezi ndi mwezi monga manambala a pa kakyuleta. Ngati mungasankhe njira imeneyi, lembani mpamba wanu m'kope tsiku lomaliza la mwezi uliwonse, powerengera ndalama zimene muli nazo ndi katundu wotsala pa mtengo wogulira, kuti mudziwe ngati ukukuladi kuposa mitengo.

Mukapita kubanki kapena ku SACCO, musachite manyazi kupempha kuti akulembereni papepala yankho la funso limodzi ili: ndikaika K70,000 lero kwa miyezi 6, ndidzalandira ndalama zingati m'manja tsiku lomaliza, msonkho ndi zodula zonse zitachotsedwa? Tiyerekeze kuti akulemberani K73,500. Gawani K73,500 ndi K70,000, mupeza 1.05, kutanthauza 5 peresenti pa miyezi 6. Chulukitsani 1.05 ndi 1.05 kuti mupeze za chaka chathunthu, mupeza 1.1025, kutanthauza 10.25 peresenti pachaka ngati mutabwezera zonse ulendo wachiwiri. Nambala imeneyo ndiyo muiyerekeze ndi ya malo ena amene mwafunsako komanso ndi nambala ya kukwera kwa mitengo ya mwezi umenewo, ndipo funsaninso kuti mudzataya zingati ngati mutafuna ndalamayo miyezi 6 isanakwane.